Kudumpha kangati kuti mufike tsidya?

Tayerekezani mtsinje umene uli ndi miyala 11 yondondozana kuchokera tsidya lino mpaka tsidya linalo. Pa mwala uliwonse palembedwa nambala, ndipo nambalayo ikukuuzani mtunda wautali kwambiri umene mungadumphe mukaponda pamenepo. Mwala wolembedwa 3 umakulolani kudumphira pa mwala woyamba, wachiwiri kapena wachitatu kutsogolo kwanu, koma osapitirira apo. Mwala wolembedwa 0 ndi msampha, chifukwa mukauponda simungasunthenso. Inu mwaima pa mwala woyambirira. Kodi mungadumphe kangati, kochepetsetsa, kuti mukaponde mwala womaliza?

Funsoli ndi lodziwika kwa ophunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Pa tsamba lophunzirira la LeetCode lili pa nambala 45 ndipo limatchedwa Jump Game II. Kumeneko miyala ija ndi mndandanda wa manambala osungidwa motsatizana m'kompyuta. Chokoma pa funsoli n'chakuti yankho lake limapezeka pongoyang'ana mndandandawo kamodzi kokha, kuchokera koyambirira mpaka kumapeto, osabwerera m'mbuyo, ndiponso osasankha n'komwe mwala woti mupondepo. Kuti timvetse mmene zimenezi zimathekera, tiyeni tigwire chitsanzo chimodzi mpaka titachidziwa bwino.

```
malo:     0  1  2  3  4  5  6  7  8  9  10
mphamvu:  3  4  1  1  2  5  0  0  1  2  1
```

Mwala uliwonse uli ndi manambala awiri, ndipo tisawasokoneze. Mzere wapamwamba ndi malo a mwala. Olemba mapulogalamu amayamba kuwerenga pa 0, n'chifukwa chake mwala womaliza mwa miyala 11 uli pa malo 10. Mzere wam'munsi ndi nambala yolembedwa pamwalapo, imene tiziitcha mphamvu ya mwalawo. Mukaphatikiza malo ndi mphamvu, mumadziwa kumene mwalawo ungakufikitseni. Mwala wa pa malo 1 uli ndi mphamvu 4, choncho ungakufikitseni mpaka pa malo 5.

Nzeru ziwiri zimene zimagwetsa m'madzi

Pafupifupi aliyense akaona funsoli amayamba ndi ganizo lakuti, popeza tikufuna kudumpha kochepa, tizingodumpha ndi mphamvu zonse nthawi iliyonse. Tiyeni tiyese. Kuchokera pa 0, mphamvu 3 itiponya pa malo 3. Pamenepo mphamvu ndi 1 yokha, ndiye tifika pa 4. Pa 4 mphamvu ndi 2, ndipo tikaigwiritsa ntchito yonse titera pa 6, pamene palembedwa 0. Ulendo wathera pomwepo, pakati pa mtsinje. Cholakwika chinachitika pa kudumpha koyamba kuja: tinadutsa pamwamba pa mwala wa pa malo 1, umene ukanatifikitsa pa 5, n'kukatera pa mwala wofooka umene sufika n'komwe kumeneko.

Wina akaona zimenezi amakonza ganizolo n'kunena kuti, chabwino, mwa miyala yonse imene ndingafikepo ndizisankha wamphamvu kwambiri. Pa chitsanzo chathu nzeruyi ingagwire, koma ndi mwayi chabe. Taonani mndandanda wina waufupi, `[4, 3, 1, 1, 2, 1, 1]`. Kuchokera pa 0 mungafike pa malo 1, 2, 3 kapena 4, ndipo wamphamvu kwambiri pa imeneyi ndi wa pa malo 1, wolembedwa 3. Koma 1 kuphatikiza 3 ndi 4 basi, malo amene mukanafika kale ndi kudumpha koyamba. Mwataya ulendo umodzi pachabe, ndipo mudzafika kumapeto mutadumpha katatu. Mwala wa pa malo 4 ndi wofookerapo, mphamvu yake ndi 2, koma popeza uli kutsogolo, ukufikitsani pa 6, amene ndi mapeto. Kawiri kokha kukanakwana.

Choncho mtunda paokha sukwanira, mphamvunso payokha sikwanira. Chofunika kuyang'ana ndi ziwirizi zitaphatikizidwa, malo kuphatikiza mphamvu. Mwala wabwino ndi umene ukutsegulirani njira yofika kutali kwambiri pa kudumpha kotsatira.

Kugawa miyala m'zigawo

Tsopano tisinthe funso pang'ono. M'malo mofunsa kuti ndiponde mwala uti, tifunse kuti ndikadumpha kamodzi ndingapezeke pati ndi pati, nanga ndikadumpha kawiri, nanga katatu.

Osadumpha n'komwe, muli pa malo 0 pokha. Mukadumpha kamodzi mungapezeke pa 1, pa 2 kapena pa 3. Chimenechi tichitche chigawo choyamba. Tsopano tiyang'ane miyala itatuyi mmodzimmodzi kuti tione kumene uliwonse ukufika. Wa pa 1 ukufika pa 5, wa pa 2 ukufika pa 3, wa pa 3 ukufika pa 4. Kutali kwambiri ndi 5. Ndiye kuti miyala yatsopano imene ingafikidwe ndi kudumpha kwachiwiri ndi ya pa 4 ndi pa 5, ndipo chimenechi ndi chigawo chachiwiri. Tichitenso chimodzimodzi. Wa pa 4 ukufika pa 6, wa pa 5 ukufika pa 10. Chigawo chachitatu chikuyambira pa 6 mpaka pa 10, ndipo mwala womaliza uli momwemo. Yankho ndi 3, ndipo njira yake ndi kuchokera pa 0 kupita pa 1, kenako pa 5, kenako pa 10.

Taonani kuti zigawozi zilibe mipata. Choyamba chathera pa 3, chachiwiri chayambira pa 4. Chachiwiri chathera pa 5, chachitatu chayambira pa 6. Izi sizinachitike mwangozi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Lamulo likuti nambala ya pamwala ndi malire chabe, mukhoza kudumpha mocheperapo ngati mukufuna. Munthu amene angafike pa 10 kuchokera pa 5 angafikenso pa 6, pa 7, pa 8 ndi pa 9. Chifukwa cha ichi, palibe chifukwa chosungira dzina la mwala uliwonse wa m'chigawo. Nambala imodzi yokha, yonena pamene chigawocho chathera, imafotokoza chigawo chonse, popeza chiyambi chake ndi pamene chinathera chinzake.

Pulogalamu yake

Kompyuta imangofunika kukumbukira zinthu zitatu pamene ikuyenda mumndandandawo. Choyamba ndi `maulendo`, kutanthauza kuti tadumpha kangati kufikira pano. Chachiwiri ndi `malire`, malo amene chigawo chimene tilimo chikuthera. Chachitatu ndi `kutali`, malo akutali kwambiri amene miyala yonse imene tayang'ana kale ingatifikitse. Nayi pulogalamuyo m'chilankhulo cha Python, mmene `a` ndi mndandanda wa mphamvu zija ndipo `i` ndi malo amene tikuyang'ana.

```python
def kudumpha_kochepa(a):
    maulendo = malire = kutali = 0
    for i in range(len(a) - 1):
        kutali = max(kutali, i + a[i])
        if i == malire:
            if kutali == i:
                return -1
            maulendo += 1
            malire = kutali
    return maulendo
```

Tiyeni tiiyendetse pa miyala yathu ija. Poyamba zonse zitatu ndi 0. Pa malo 0, `kutali` akukhala 3. Popeza malo amenewa ndi omwewo a `malire`, chigawo chatha, ndiye `maulendo` akukwera kufika pa 1 ndipo `malire` akusunthira pa 3. Pa malo 1, `kutali` akukwera kufika pa 5. Pa malo 2 ndi pa malo 3 sakusintha, chifukwa miyalayi ikungofika pa 3 ndi pa 4, kumene ndi kufupi. Koma malo 3 ndi malire, choncho `maulendo` akhala 2 ndipo `malire` apita pa 5. Pa malo 4, `kutali` akukhala 6. Pa malo 5 akukhala 10, ndipo tafikanso pa malire: `maulendo` akhala 3, `malire` apita pa 10. Kuyambira pa 6 mpaka pa 9 palibenso malire oti tikumane nawo, ndiye pulogalamu ikutsiriza n'kupereka 3.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Pamene `i` ali pa 3 ndipo `maulendo` akukwera, sizikutanthauza kuti wodumphayo waima pa mwala wa pa 3. Tawona kale kuti njira yabwino siiponda mwalawo n'komwe. Zikungotanthauza kuti miyala yonse ya m'chigawo choyamba yayang'anidwa, ndipo aliyense wofuna kupitirira pamenepa ayenera kudumphanso kamodzi, kaya achokera pa mwala uti. Amene akuyenda mwala ndi mwala ndi diso la pulogalamu, osati wodumphayo. Miyala iwiri ya 0 ija, ya pa 6 ndi pa 7, diso limaidutsa popanda vuto, popeza sizikufunika kuti munthu aiponde.

Ngati mukufuna njira yeniyeni, osati chiwerengero chokha, muzingosunganso malo a mwala umene unakweza `kutali` komaliza m'chigawo chilichonse. M'chitsanzo chathu ndi 0, 1 ndi 5, ndipo mukawonjezera mwala womaliza mwapeza ulendo wonse.

N'chifukwa chiyani yankholi ndi lochepetsetsa?

Akatswiri amaika njirayi m'gulu la njira zadyera, zimene pa sitepe iliyonse zimatenga chooneka chabwino koposa panthawiyo ndipo sizibwereranso kukasintha maganizo. Njira zoterezi nthawi zambiri zimanamiza, monga zachitira ziwiri zija, choncho ndi bwino kufunsa kuti iyiyi tiikhulupirire chifukwa chiyani.

Pali zinthu ziwiri zofunika kutsimikiza. Choyamba n'chakuti palibe amene angapitirire malire athu ndi maulendo ofanana ndi athu. Tiyerekeze kuti wina akuti wafika pa 6 atadumpha kawiri kokha. Ndiye kuti atadumpha kamodzi anali pa mwala wina wake, ndipo mwalawo uyenera kukhala pakati pa 1 ndi 3, chifukwa kudumpha koyamba sikungapitirire pamenepo. Koma miyala itatuyi tinaiyang'ana yonse, ndipo palibe umene ukupitirira pa 5. Munthuyo akunama. Mfundo yomweyi imagwira pa chigawo chilichonse chotsatira, chifukwa malire atsopano amachokera ku miyala yonse imene inali yofikika kale, popanda wosiyidwa.

Chachiwiri n'chakuti mwala uliwonse wa m'kati mwa malirewo ndi wofikikadi. Ichi taona kale: mwala umene unapereka `kutali` uli kumbuyo kwa chigawo chatsopanocho, ndipo ungatifikitse paliponse pakati pa iwo ndi malire atsopano. Mukaika ziwirizi pamodzi, nambala ya chigawo chimene mwala womaliza ulimo ndi yankho lenileni. Kuchepera apo n'kosatheka, ndipo kufika ndi maulendo amenewo n'kotheka.

Ganizo lofufuza chigawo ndi chigawo si latsopano. Edward F. Moore analifalitsa mu 1959 pofotokoza kapezedwe ka njira yaifupi kwambiri m'malo a tinjira tosokoneza, ndipo m'mabuku a makompyuta limalembedwa mwachidule kuti BFS. Nthawi zambiri njira imeneyi imafuna kuti kompyuta isunge mzere wa malo onse amene akudikira kuyang'anidwa. Pa funso lathuli mzerewo sukufunika, chifukwa miyala yaima kale pamzere ndipo zigawo zake ndi zolumikizana.

Phindu lake likuoneka mndandanda ukatalika

Pali njira ina yolondola imene ophunzira ambiri amayamba nayo. Pa mwala uliwonse amayang'ana miyala yonse ya m'mbuyo mwake, n'kufunsa kuti mwa imene ingafike pano, ndi uti umene unafikidwa ndi maulendo ochepa, kenako n'kuwonjezera 1. Yankho limatuluka lolondola, koma ntchito yake ndi yambiri. Mwala wa pa malo 10 umayang'ana miyala 10, wa pa malo 500 umayang'ana 500. Mndandanda wa miyala 10,000 umafuna kuyerekeza pafupifupi ka 50 miliyoni. Ukakhala wa miyala 1 miliyoni, kuyerekezako kumafika pafupifupi ka 500 biliyoni. Njira ya zigawo imayang'ana mwala uliwonse kamodzi kokha, choncho pa miyala 1 miliyoni imachita masitepe pafupifupi 1 miliyoni.

Olemba mapulogalamu amalemba kusiyanaku mwachidule. Njira yoyang'ana m'mbuyo ndi ya `O(n²)`, kutanthauza kuti mndandanda ukatalika kawiri, ntchito imachuluka kanayi. Njira ya zigawo ndi ya `O(n)`, ndipo mndandanda ukatalika kawiri, ntchitonso imangochuluka kawiri. Pa nkhani ya malo osungira, njira yoyang'ana m'mbuyo imafuna mndandanda wachiwiri wotalika ngati woyambawo, pamene ya zigawo imangosunga manambala atatu aja, kaya miyala ndi khumi kaya ndi mamiliyoni.

Pamene anthu amapunthwa

Pulogalamuyi ndi yaifupi, koma ili ndi malo awiri oterera. Oyamba ali pa mawu akuti `len(a) - 1`. Mawuwa akuuza diso kuti liime pa mwala wotsala pang'ono kumapeto, lisafike pa womaliza. Wina akalemba `len(a)` yekha, diso lidzafika pa malo 10 m'chitsanzo chathu, lidzapeza kuti pamenepo ndi pa malire, ndipo lidzawonjezera ulendo wina ngati kuti munthu amene wafika kale akufunika kudumphanso. Yankho lidzatuluka 4 m'malo mwa 3.

Vuto la cholakwikachi n'lakuti chimabisala. Chimaoneka pokhapokha malire omaliza akagwera ndendende pa mwala womaliza. Mukayesa ndi `[2, 5, 1, 1]`, malire omaliza amapita pa 6, kupitirira mapeto a mndandanda, ndipo pulogalamu yolakwikayo imaperekabe 2, yankho lolondola. Munthu akhoza kuyesa kangapo n'kukhutira, cholakwika chili chikhalire. Chizindikiro chake n'chakuti mayankho ena amakhala olondola, ena amapitirira ndi 1 yokha. Kuti muchigwire msanga, yesani mndandanda wa nambala imodzi, monga `[5]`. Muli kale pamapeto, choncho yankho liyenera kukhala 0, koma pulogalamu yolakwikayo idzanena 1.

Malo achiwiri oterera ndi pamene mapeto safikika n'komwe. Funso la pa LeetCode limalonjeza kuti njira ilipo nthawi zonse, ndipo chifukwa cha ichi mayankho ambiri amene anthu amaloweza alibe mizere iwiri ija yopereka `-1`. Taonani zimene zimachitika pa `[3, 2, 1, 0, 4]`. Mwala wa pa 0 ukufika pa 3, wa pa 1 ukufika pa 3, wa pa 2 ukufikanso pa 3, ndipo wa pa 3 ndi wa 0. Njira zonse zikuthera mumsampha umodzi. Diso likafika pa malo 3, amene ndi malire, likupeza kuti `kutali` akadali 3. Chigawo chatha koma palibe chatsopano chimene chatseguka. Pulogalamu yathu ikuzindikira zimenezi n'kupereka `-1`, chizindikiro chakuti n'zosatheka. Pulogalamu yopanda mizereyo imangowonjezera ulendo n'kupereka 2, osadandaula chilichonse, ndipo woigwiritsa ntchito sangadziwe kuti wanamizidwa.

Pamene njirayi imathera mphamvu

Zonse tafotokozazi zatsamira pa mfundo imodzi ija, yakuti wodumpha ali ndi ufulu wodumpha mocheperapo. Lamulo likasintha n'kukhala lakuti muzidumpha ndendende nambala yolembedwayo, zigawo zimang'ambika. Tengani `[2, 5, 1, 1, 1, 1, 0]`. Pa lamulo lakale mungapite pa 1, kenako pa 6, ndipo yankho ndi 2. Pa lamulo latsopano, kuchokera pa 0 mukukakamizidwa kutera pa 2, mwala wamphamvu wa pa 1 uja simungaupondenso, ndipo mudzayenda pang'onopang'ono kudzera pa 3, pa 4 ndi pa 5 mpaka pa 6, kudumpha kasanu. Pulogalamu yathu idzanenabe 2, chifukwa imawerengera mwala uliwonse wa m'kati mwa malire ngati wofikika.

N'chimodzimodzinso ngati kudumpha kulikonse kuli ndi mtengo wakewake ndipo chofunika ndi kulipira zochepa. Pamenepo kufika kutali sikutanthauzanso kupambana, popeza maulendo anayi otsika mtengo akhoza kuposa awiri odula. Funso lotero limafuna njira yoyang'ana m'mbuyo ija, kapena njira ya Edsger Dijkstra, imenenso inafalitsidwa mu 1959, yofufuza ulendo wotsika mtengo kwambiri.

Koma pamene mfundo ija ilipo, njirayi imagwira ngakhale funso litavala zovala zina. Munthu amene ali ndi zidutswa zambiri za kanema wa chochitika chimodzi, chilichonse choyambira pa mphindi yake n'kuthera pa mphindi yake, ndipo akufuna zidutswa zochepetsetsa zokwanira chochitika chonsecho, ali ndi funso lomweli. Chidutswa akhoza kuchidulira panjira, ndiye kuti akhoza kudumpha mocheperapo. Amatenga zidutswa zonse zoyambira m'kati mwa nthawi imene waphimba kale, n'kusankha chothera kutali kwambiri, n'kusuntha malire.

Choncho musanagwiritse ntchito njirayi pa funso latsopano, liyeseni ndi mafunso awiri. Kodi sitepe iliyonse ikuwerengedwa mofanana ndi inzake? Ndipo kodi amene angafike kutali angafikenso paliponse pafupi ndi pamenepo? Mayankho onse awiri akakhala inde, manambala atatu aja ndi kuyang'ana kamodzi n'zokwanira. Limodzi likakhala ayi, pulogalamuyo idzathamangabe bwinobwino n'kutulutsa nambala, koma nambalayo idzakhala yankho la funso lina.